Mutu ndi kutupa pa pathupi

Amayi oyembekezera, mapazi kutupa madzulo m'miyezi yomaliza sizachilendo, makamaka ngati kutupako kukuphwa mukagona. Koma akakolo akatupa mwadzidzidzi, mphete n'kukana kuvuka, nkhope n'kufufuma, mutu n'kumawawa osamva panado, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala lero lomwe.

Kumeneko akakuyezani BP ndi mkodzo. Pathupi pakapitirira masabata 20, BP yofika 140/90 pamodzi ndi mapuloteni mumkodzo zimasonyeza matenda omwe amachepetsa magazi opita kwa mwana, ndipo mayi angakomoke n'kumaphupha.

Mukayambanso kuona mwachizimezime kapena kumva ululu pansi pa nthiti zakumanja, nyamukani ngakhale pakati pausiku. Abambo, sakiranitu mayendedwe.