Mbewu ya m'kabotolo

Anthu akamwa yogati wanga amakonda kufunsa kuti ndimathiramo chiyani kuti alimbe chonchi. Ena amaganiza kuti ndimaonjezera ufa wa chinangwa. Ndimangoseka, chifukwa m'poto mwanga mumalowa zinthu ziwiri zokha, mkaka ndi mbewu. Mkaka ndimagula kwa alimi a kuno ku Bvumbwe, komwe ng'ombe zamkaka si zosowa. Mbewu ndiye sindigula kawirikawiri. Ndimaisunga ndekha m'kabotolo kagalasi, ndipo ntchito yanga yonse yagona pa kabotolo kameneka.

Mbewu imene ndikunenayi ndi yogati yemweyo, wotapa pa amene ndapanga kale. Muli tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wachilengedwe wa mumkaka n'kumusandutsa asidi. Asidiyo ndi amene amawawasitsa mkaka n'kuugwiranitsa. Chambiko nachonso chili ndi mbewu yake, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Tizilombo ta yogati timafuna kutentha, madigiri 43 kapena 45, ndipo timamaliza ntchito m'maola 6 mpaka 8. Ta chambiko timakhutira ndi kufunda kwa m'nyumba basi, koma timachedwa: usiku wonse, mwina mpaka tsiku lathunthu kukazizira. Mukathira mbewu ya yogati mumkaka wozizira n'kuusiya pa shelefu ngati chambiko, mawa mupeza mkaka wamadzimadzi wonunkha zachilendo. Choncho ine ndili ndi mabotolo awiri, supuni ziwiri, ndipo sizikumana.

Tsiku lopanga yogati ndimayamba mamawa ndi malita 5. Ndisanathire onse m'poto, ndimatapako pang'ono m'kachitini n'kuwiritsa pa mbaula. Ukaduka n'kupanga zibulumwa ndiye kuti unayamba kale kusasa m'chigubu cha mlimi, ndipo umenewo ndimabweza. Ukapirira moto, ndimausefa ndi kansalu koyera n'kuuika pa makala osalilima kwambiri. Ndimatakasa mosalekeza kuti usapserere pansi, chifukwa fungo la mkaka wopserera silichoka ngakhale muthire shuga wochuluka bwanji. Ukayamba kutulutsa nthunzi ndi tithovu m'mbali mwa poto, ndimachepetsa makala n'kuusunga pomwepo, pafupi kuwira koma osasefukira, kwa mphindi 20.

Mphindi zimenezi ndi zimene anthu amaumira nazo makala, kenaka n'kumadabwa kuti yogati watuluka ngati phala lamadzi. Moto umagwira ntchito ziwiri. Umapha pafupifupi tizilombo tina tonse tobwera ndi mkakawo, kuti mbewu yanga ipeze munda wososedwa kale wopanda udzu. Umasinthanso mkakawo kuti ukagwirana usamataye madzi. Agogo anga ankangosiya mkaka wosawiritsa m'chikho mpaka usase wokha, ndipo chambiko chawo sindinachiiwale kukoma kwake. Koma ine ndimagulitsa kwa ana a anthu, ndipo mkaka wosawiritsa utha kunyamula matenda ochokera ku ng'ombe, chifuwa chachikulu chomwe. Kusasa pakokha sikutsimikiza kuti matendawo afa.

Ndikaphula, poto ndimamukhazika m'beseni la madzi ozizira, ali chivindikirire, ndipo madziwo ndimasintha akafunda. Choyezera kutentha ndinali nacho, chinasweka, ndiye ndimadalira chala. Ndimasamba m'manja ndi sopo, ndimatapa mkaka pang'ono m'kapu n'kuviikamo chala chaching'ono. Ndikatha kuwerenga mpaka 10 chala chikumva kutentha koma osapsa, nthawi yakwana. Mukafulumira, mbewu imapsa n'kufa. Mukachedwa, imagona tulo.

Pa lita imodzi ndimathira masupuni awiri aakulu a mbewu, ndiye pa malita 5 ndi masupuni 10, kupitirira pang'ono theka la kapu. Ndimayamba ndaisungunula m'kapu ndi mkaka wofunda womwewo kuti isakhale zibulumwa, kenaka ndimathira m'poto n'kutakasa pang'onopang'ono. Nditangoyamba ntchitoyi ndinkati mbewu ikachuluka yogati alimba kwambiri. Ayi ndithu. Amawawasa msanga, amakhala wa mchengamchenga pa lilime, ndipo madzi achikasu amayandama pamwamba. Ndikatha kuthira ndimavindikira, ndimakulunga poto m'bulangete, n'kumuika m'dengu pakona pomwe ana sadutsa. Yogati akamagwirana safuna kugwedezedwa. M'mwezi wa Juni, chiperoni chikatsika kuno ku Thyolo, bulangete lokha silikwanira, choncho ndimalowetsamo mabotolo awiri a madzi otentha m'mbali mwa poto. Mu Okutobala ndimayamba kusuzumira pakangotha maola 5.

Wapsa bwino ndimamudziwa ndikapendeketsa poto: amasuntha yense pamodzi, ndipo supuni ikalowa imasiya dzenje loonekera. Pamenepa ndi pamene pali mwambo umene sindiphonya. Ndisanalawe, ndisanathire shuga, ndisanapatseko aliyense, ndimatapa mbewu ya ulendo wotsatira. Kabotolo ndi chivindikiro chake ndi supuni ndimakhala nditaziwiritsa m'madzi n'kuzisiya ziume zokha, osapukuta ndi nsalu ya mbale. Ndimakankhira pambali za pamwamba n'kutapa pakati. Kabotoloko kamapita m'furiji nthawi yomweyo, kumbuyo kwenikweni, osati pa chitseko pomwe pamafunda anthu akamatsekulatsekula.

Cholakwa chimene ndimachiona kwa anzanga ambiri ndi kutenga mbewu pa zotsala. Banja ladya masiku anayi, supuni zonyambita zalowa ndi kutuluka, ndiye kotsalira pansi pa chidebe n'kumati ndi mbewu. Mmenemo mwalowa kale alendo. Ulendo woyamba simuona kanthu, wachiwiri kafungo kamayamba kusintha, wachitatu mupeza yogati akuchita thovu n'kumanunkha ngati thobwa logonetsa. Ameneyo ndi yisiti walowerera, ndipo sachoka. Mbewu ikafika potero, kapena ikayamba kunanda ngati therere pamene kale sinkatero, kapena pamwamba pakaoneka nkhungu ya mtundu uliwonse, ndimataya yonse osadandaula. Kuchotsa nkhungu ya pamwamba n'kugwiritsa ntchito zapansi ndi kudzinamiza.

Mbewu imakalambanso ngakhale itasungidwa mwaukhondo. Tizilomboto tikakhala nthawi yaitali mu asidi wathu womwe timafooka. Ine sindilola kuti ipyole sabata isanadye mkaka watsopano. Ngati sabata imeneyo ndilibe oda, ndimawiritsabe kapu imodzi ya mkaka, n'kuthiramo kasupuni kakang'ono ka mbewu, kuti ingokhala ndi moyo. Ndimaumitsanso ina mufiriza m'timapepala tapulasitiki, masupuni awiriawiri, ngati nkhokwe ya pa njala. Youmitsayi imachedwerako kudzuka pa ulendo woyamba, koma imandipulumutsa. Vuto ndi magetsi akathima nthawi yaitali. Ikasungunuka, ndimaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo, sindiibwezeranso kuti iumenso.

Tsiku lina ndinatsala pang'ono kutaya mbewu yabwinobwino chifukwa choiweruza molakwa. Ndinapanga malita 5 monga mwa masiku onse, mkaka unapirira moto, chala chinavomera, bulangete linali lomwelo. Patatha maola 8 ndinavundukula n'kupeza mkaka uli chikhalire, wamadzi, wosawawasa n'komwe. Ndinaonjezera mabotolo a madzi otentha n'kudikira mpaka usiku, koma osasintha. Mtima unathamangira kunena kuti mbewu yafa. Ndisanaitaye ndinati ndiyese kaye. M'mawa mwake ndinatenga makapu awiri. M'kapu yoyamba ndinathira mkaka wa mlimi yemwe anandigulitsa malita 5 aja, wa tsiku limenelo, wowiritsa. M'kapu yachiwiri ndinasungunula mkaka waufa wa m'sitolo ndi madzi owiritsa. Monsemo ndinathira kasupuni kamodzi ka mbewu yotsala m'kabotolo, n'kukulunga makapu onse m'bulangete limodzi. Pofika masana kapu ya mkaka waufa inali italimba bwinobwino, inayo ili madzi okhaokha.

Ndinapita kwa mlimiyo madzulo. Ndi bambo wachikulire amene ndagula kwa iwo zaka zambiri, ndiye sindinafike ndi mkwiyo.

"Bambo, pepani ndifunse nawo. Ng'ombe zonse zili bwino kukholaku?"

Anayamba akanda m'mutu. "Mayi, imodzi inatupa bere sabata ino, ndiye tinaibaya jakisoni. Koma mkaka wake ukuoneka bwinobwino, n'chifukwa chake ndinauphatikiza ndi winawo."

Nkhani inali pomwepo. Mankhwala opha tizilombo amene ng'ombe yabayidwa amatulukira mumkaka kwa masiku angapo, ndipo sasankha: amapha tizilombo ta matenda, amaphanso mbewu yanga. Kuwiritsa sikuwachotsa onse, ndipo diso kapena mphuno siziwazindikira. Pa botolo la mankhwalawo pamalembedwa masiku oyenera kudikira mkaka usanagulitsidwe, ndipo alangizi a ziweto amanena zomwezo. Tinagwirizana kuti ng'ombe ikabayidwa azindiuza, ndipo mkaka wake uzikhala padera mpaka masikuwo atakwana. Malita 5 aja ndinataya. Kuyambira pamenepo ndinakhazikitsa lamulo loti sindithira mbewu yonse m'poto mmodzi. Ndimasiyako supuni imodzi m'kabotolo mpaka nditaona kuti watsopanoyo wagwira.

Nthawi zina mbewu imathadi mphamvu popanda wolakwa. Yochokera ku yogati wa m'sitolo, mwa kuona kwanga, imayenda bwino maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka imayamba kuchedwa kugwira kapena kuwawasa mopitirira. Mu yogati muli mitundu iwiri ya tizilombo yogwira ntchito mothandizana, ndipo kutentha kukamasinthasintha pa ulendo uliwonse, mtundu umodzi umapondereza unzake. Ndikaona maola 6 asanduka 10 popanda chifukwa cha nyengo, ndimakagula kachitini katsopano. Ndimasankha yogati woyera wopanda shuga kapena zipatso, wochokera m'furiji yozizira, amene tsiku lake lothera ntchito likadali kutali. Wokhala pa shelefu wosafuna furiji musataye naye ndalama, ameneyo anatenthedwa atapangidwa kale ndipo mulibe chamoyo.

Mbewu ya chambiko ndiye yopirira. Yanga ndinapatsidwa ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo yakhala nane nthawi yaitali kuposa ya yogati iliyonse. Mkaka ndimawiritsa chimodzimodzi, koma ndimausiya uzizire mpaka chala chisamvenso kufunda, ndimathira masupuni awiri pa lita, n'kuvindikira popanda bulangete. Ndikathira madzulo nyengo yotentha, m'mawa chimakhala chagwira. Chikangogwira ndimatapa mbewu n'kuika chotsalacho pozizira, apo ayi chimalekana, zoyera pamwamba madzi pansi, n'kuwawasa moti ndi nsima yomwe sichidyeka. Kwa amene alibe furiji, chambiko ndicho chosavuta kusunga mbewu yake: kabotolo kakhale m'mphika wadothi wa madzi ozizira, pamthunzi, ndipo muzipanga chatsopano tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi lokha.

Ngati mukufuna kuyamba, musayambe ndi malita 5. Wiritsani lita imodzi, ndipo kabotolo ka mbewu mukawiritsiretu lero, chifukwa yogati akagwira mawa simudzakhala ndi nthawi yokafunafuna.