Laputopu inali mu 2016, mayeso anali lelo

Ngati muli pa kosi ija yolemba mayeso pa intaneti, mvelani izi, cifukwa tsiku lina zidzakupezani.

Mnzanga wa m'kalasi amakhala ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, mu boma la Luangwa. Ambiri mumamva cabe dzina la malowa pokumbukila nkhondo ya mu Malichi 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa kumeneko. Ine ndinapita kukadya nsomba ndi kupumulako fumbi la mu Kanyama.

Tsiku limenelo anali ndi mayeso a mphindi 30, otseka 17:00. Tinakwela pa kacitunda pomwe netiweki imagwilako, n'kuyatsa hotisipoti pa foni. Nthawi inali 16:15. Anatsegula Chrome, analemba adilesi ya koleji. M'malo mwa tsamba la mayeso panabwela mau akulu: "Your clock is behind". Munsi mwake: NET::ERR_CERT_DATE_INVALID.

"Yaba! Boyi, bandulo yasila!"

Anafuna kugula ina. Ndinamuletsa: "Imilila iwe, tiyese pa foni." Pa foni tsamba la koleji linatseguka bwino-bwino. Ndiye kuti bandulo ilimo, netiweki ilipo, koleji nayo ilibe mlandu. Tinayesa Google pa laputopu, nayonso inakana. Tsamba lililonse likakana pa makina amodzi cabe, matenda ali m'makinawo.

Manje anayamba kulakwitsa monga timalakwitsila tonse. Anafafaniza mbili yonse ya mu Chrome, anazimitsa laputopu, anayatsanso. Mphindi 8 zinapita mahala. Anafika pofuna kucotsa Chrome kuti aikenso ina, pa netiweki ya pa citunda! Thukuta linali kugwela pa mabatani.

Apo m'pamene ndinawelenganso mau aja mofatsa. Akamba za koloko. Ndinayang'ana pakona ya kumanja pansi: 1 Januwale 2016.

Nkhani yake ili tele. Tsamba lililonse loyamba ndi https lili ndi citupa, monga laisensi ya minibasi, colembedwa tsiku loyamba ndi tsiku losila. Burauza ikalibe kukulowetsani, imayang'ana masiku amenewo n'kuwalinganiza ndi koloko ya makina anu. Kwa laputopu yoganiza kuti tili mu 2016, citupa ca caka cino cikalibe kuyamba kusewenza, ndiye imakana.

Nanga koloko inabwelela bwanji kumbuyo? M'kati mwa malaputopu ambiri muli kabatile kang'ono ngati ndalama ya siliva, kosunga nthawi makina akazima. Yake inali ya salaula, kabatile kanafa kudala, ndipo inakhala masabata awili osacajidwa. Moto utasila, nayo inaiwala tsiku.

Ndinadina koloko ija ndi batani la kumanja, n'kusankha Adjust date/time. Ndinayatsa Set time automatically, n'kudina Sync now. Inazungulila, inazungulila, inakana. 16:29. Mnzanga anali cete, manja ali kumutu.

Ndinazimitsanso Set time automatically, n'kudina Change. Tsiku, mwezi, caka ndi nthawi ndinalemba ndekha, kukopela pa foni. Pa Time zone ndinasankha (UTC+02:00) Harare, Pretoria, ndiyo nthawi yathu kuno. Tinatseka Chrome, tinatsegulanso. Tsamba linabwela.

Koma kufafaniza kuja kunatilipilitsa. Kunam'tulutsa mu akaunti, ndipo pasiwedi sanali kuikumbuka bwino. Anaipeza kacitatu. Analowa 16:34.

Ali m'kati anandifunsa: "Boyi, tikabwezako koloko pang'ono, siningapeze nthawi ina?" Iyai. Nthawi ya mayeso imawelengedwa pa makina a koleji, osati pa anu. Mukabweza koloko mudzinamiza mweka. Pa mphindi 30 anatsala ndi 26, ndipo mafunso awili omaliza anangowasiya. Anatumiza 16:58.

Cimodzi musasokoneze. Ngati koloko yanu ili bwino, masamba ena atseguka, koma la koleji lokha likana pa foni ndi pa laputopu pomwe, ndiye kuti citupa cao ndico casila. Pamenepo palibe comwe mungakonze. Jambulani sikilini, tsiku ndi nthawi zionekele, mutumize kwa aphunzitsi nthawi ikalibe kukwana. Cithunzi ca 16:20 cimamveka, koma ca mailo m'mawa ni nkhani cabe.

Mnzanga anapasa, olo kuti mamakisi sanali a kudzitama nao. Kabatile akalibe kusintha mpaka manje, ati adzagula akabwela mu tauni. Ndiye pa tsiku la mayeso amayatsa laputopu ola lathunthu nthawi ikalibe, ndipo coyamba kuyang'ana ni pakona paja. Madzulo amenewo amai ake anandiikila nsomba ziwili m'mbale, iye imodzi.