Zimene mphekesera za kolera zinatiphunzitsa pa mauthenga a pa foni

Mu Malichi 2022, munthu woyamba wodwala kolera pa mliri umene unadzagwedeza dziko lonse anapezeka m'boma lathu lino la Machinga. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Nthendayi itafalikira, mphekesera nazo zinayamba kuyenda, ndipo yoopsa kwambiri inali yakuti achipatala ndiwo akubaya anthu kolera ndi majakisoni. Kumayambiriro kwa 2023, kutsidya kwa Shire ku Balaka, khamu la anthu linaukira chipatala cha Nandumbo chifukwa cha nkhani yomweyi. Ife a pa Nsanama tinkaimvera m'mabasi a pa msewu wa Liwonde ndi Ntaja, pamjigo, komanso m'mafoni athu.

Phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti uthenga wosocheretsa kawirikawiri umayambira pa chinthu choona. Bodza limalowera pamene wolankhula wasiya kunena zimene anaona n'kuyamba kunena zimene akuganiza kuti ndizo zinachititsa. Munthu wodziwa kupeza malo amenewo sapusitsidwa msanga.

Titenge uthenga wa mawu wa mtundu umene unkafika m'magulu a WhatsApp a kumpingo, kumzikiti ndi a banki m'khonde. Mayi akulankhula mosisima kuti m'bale wake anapita naye kuchipatala akulankhula bwinobwino, anamuika diripi, ndipo pasanathe maola awiri anamwalira. Akumaliza ndi kuchenjeza kuti aliyense asapite kuchipatala, ndipo uthengawu autumize kwa onse amene amawakonda. Kuti wodwalayo anafika akulankhula, n'zotheka. Kuti anamuika diripi, n'zoona. Kuti anamwalira, palibe angatsutse, ndipo chisoni cha mayiyo n'chenicheni. Zimenezi ndi zimene anaona ndi maso. Koma zakuti diripiyo ndi imene inapha, sanazione. Anangolumikiza zinthu ziwiri chifukwa china chinatsatira chinzake.

Tikafika pamenepa tidzifunse ngati zimene akunenazo zikugwirizana ndi mmene nthendayo imayendera. Kolera imalowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo tizilombo take timakhala m'matumbo. Munthu amayamba kudwala pakadutsa maola angapo mpaka masiku asanu. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, chifukwa wodwala kwambiri amatha kutaya pafupifupi lita imodzi pa ola. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala akuyankhula pamene maso alowa kale m'kati, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, ndipo mkodzo wasiya. Diripi ndi madzi ndi mchere zobwezeretsa zimene zatayika, ndipo achipatala amaika diripi kwa okhawo amene afika atafooka kwambiri. Ena onse amangowamwetsa Thanzi ORS. Choncho n'zosadabwitsa kuti ambiri mwa omwalira anali pa diripi, popeza ndiwo anafika mochedwa. Ngakhale katemera wa kolera amene anaperekedwa nthawi imeneyo anali wakumwa, osati wobaya. Mfundo imodzi yokhayi inali yokwanira kugwetsa theka la mphekesera zija.

Funso lina ndi lakuti ndani amene sakumveka mu uthengawu. Tikawerengera 1,700 pa 58,000, tipeza kuti pa odwala 100 alionse, atatu anamwalira ndipo pafupifupi 97 anachira. Atatu pa 100 ndi ambiri, chifukwa chithandizo chikafika msanga omwalira safika ngakhale mmodzi pa 100, koma kolera yoopsa ikasiyidwa yokha imatha kupha mpaka theka la odwala. Amene anachira aja sanajambule mawu. Anatuluka mu tenti, anakwera kabaza, n'kubwerera kukapalira nandolo. Foni imatibweretsera mawu a wolira, chifukwa ndi amene amatigwira mtima mpaka kutumizira ena. Tikangomvera foni yokha, timaona maliro okhaokha ngakhale pamene ochira ali khamu.

Palinso zizindikiro zooneka pa uthenga weniweniwo. Wolankhula sanena dzina la mudzi, tsiku, kapena chipatala. Amangoti "kuno kwathu" ndi "dzulo". Dzulo la mu uthenga wa mawu silikalamba, moti umatha kuzungulira chaka chathunthu ukumvekabe ngati wa sabata ino. Pamwamba pake, WhatsApp imaika timivi tiwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times" pa uthenga umene wadutsa m'manja asanu kapena kuposerapo. Izi sizitanthauza kuti ndi bodza, koma zikutiuza kuti mlamu wathu amene watitumizira si mwini nkhani, ndipo nayenso sakumudziwa mayi uja. Ndimayamba kukayika kwambiri uthenga ukandifulumizitsa kuti nditumize ndisanaganize, kapena ukandiuziratu kuti wailesi ndi achipatala adzakana. Mawu amenewo cholinga chake n'kutseka khomo lililonse limene ndikanafunsirako.

Aphunzitsi a za makompyuta amalangiza kuti chithunzi chokayikitsa tichifufuze pa Google Lens kuti tione kumene chinayambira. Malangizowa ndi abwino, koma ambiri kuno timagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene silola kutsegula masamba ena, ndipo uthenga wa mawu sufufuzika mwa njira imeneyo. Zida zathu zenizeni zili pafupi. Tingabwezere funso kwa wotumiza: "Achimwene, mayi ameneyu mukumudziwa? Ndi chipatala chiti?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti nawonso anangolandira. Tingadikire nkhani za madzulo pa MBC kapena Zodiak, popeza chinthu chachikulu chotero chikanachitika ku Ntaja atolankhani sakanachiphonya. Tingafunse mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu, kapena kuimba 929, Chipatala cha pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudikira mpaka madzulo sikuwononga uthenga woona.

Sindikunena kuti tizikhulupirira chilichonse chochokera ku boma kapena kuchipatala. Anthu anali ndi zifukwa zokayikira. Ena analandiridwa mwaukali, ena sanaloledwe kusambitsa ndi kuika maliro a abale awo monga mwa mwambo, popanda wowafotokozera bwino kuti thupi la womwalira ndi kolera limapatsirabe nthendayo. Madandaulo amenewa ndi oyenera kuwatengera kwa amfumu ndi ku komiti ya chipatala. Mafunso omwewa akuti waona chiyani, zinachitika liti ndi kuti, ndipo zikutheka bwanji, tiyenera kuwafunsanso kwa nduna, kwa mlaliki ndi kwa wogulitsa mankhwala pa Facebook. Kukana zonse n'kosavuta mofanana ndi kuvomera zonse, ndipo konse kuwiri sikufuna kuganiza.

Kolera imabwerabe dzinja likafika, makamaka m'madera a kunyanja ya Chilwa, ndipo mauthenga aja adzabweranso atasintha mawu pang'ono. Ndikanakonda kuti m'masukulu athu mphunzitsi aziseweretsa uthenga umodzi wotero, ana n'kulemba pa bolodi mbali ziwiri: zimene wolankhula anaona, ndi zimene akuganiza. Mwana wozolowera kusiyanitsa zimenezi ndi amene usiku wina adzaumirire kuti agogo ake amwe Thanzi ORS ndi kupita nawo kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.