Kanema Wakale pa Mtengo Wochepa, Popanda Kubera Mwini

Mabanja ambiri kuno ku Sharpevale ali ndi foni yotha kuonetsa kanema, koma ndi ochepa amene angaonere kanema wathunthu pa Intaneti popanda kudandaula mawa lake. Bandulo imene tagula kuti itithandize sabata yonse imatha usiku umodzi. N'chifukwa chake ambiri timangopita pa msika kwa anyamata obena, n'kupereka memori khadi kuti atidzazire. Kumeneko mtengo ndi wochepa ndithu, koma sitidziwa zimene atiikiramo kufikira ana atatsegula, ndiponso eni ake a makanemawo salandirapo kanthu. Ife amene timaphunzitsa ana kuti chinthu chamwini sichitengedwa popanda chilolezo, nkhani imeneyi imatikhudza, pakuti mwana amaona zimene makolo akuchita kuposa zimene akunena.

Pali njira ina imene takhala tikuigwiritsa ntchito, ndipo yagona pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti alipo makanema amene umwini wake unatha mwalamulo. Yachiwiri ndi yakuti kanema mmodzi yemweyo amapezeka m'mafayilo osiyana kukula, ndipo amene wadziwa kusankha amalipira pang'ono.

Tiyambe ndi za umwini. Wopanga kanema amatetezedwa ndi lamulo kuti ena asakopere ntchito yake, koma chitetezocho chili ndi malire a zaka. Kuno kwathu nkhani zotere zili m'lamulo la zaumwini la chaka cha 2016, ndipo bungwe loziyang'anira ndi COSOMA. Ku Amereka, kumene makanema ambiri akale anapangidwa, kanema wa nthawi imeneyo amatetezedwa zaka 95, ndipo zikatha amakhala wa aliyense kuyambira pa 1 Januwale wotsatira. Motero makanema a 1928 anamasuka pa 1 Januwale 2024, a 1929 pa 1 Januwale 2025, ndipo chaka chilichonse gulu lina limamasuka. Kanema wotere tikhoza kumutenga, kumusunga ndi kugawira anansi popanda kulakwira munthu.

Nkhokwe yaikulu ya makanema otere ndi Internet Archive, laibulale ya pa Intaneti imene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ku San Francisco. Imapezeka polemba archive.org, ndipo sailipiritsa. Koma tichenjezane msanga kuti munthu aliyense amaloledwa kuikako zinthu, choncho kupezeka kwa kanema kumeneko si umboni wakuti ndi womasuka. Umboni ndi chaka chimene anatuluka. Tikaona kanema wa zaka za m'ma 1920, mtima ukhale pansi. Tikaona wa 1985, tidziwe kuti wina wangomuikapo, ndipo mwini wake alipo.

Tiyeni titenge kanema mmodzi ndi kuyenda naye mpaka kumapeto. Tasankha Steamboat Bill, Jr. wa 1928, wa Buster Keaton, chifukwa a kunyanja amene anakwerapo Ilala adzamumva msanga. Ndi nkhani ya mkulu wina woyendetsa sitima yakale ya pamtsinje, amene akulimbana ndi munthu wachuma yemwe wabweretsa sitima yatsopano. Mwana wake akubwera kuchokera ku sukulu ya ku Boston, wofooka ndi wosadziwa ntchito ya pamadzi, ndipo bamboyo akuchita naye manyazi. Kenaka kukubwera chimphepo choopsa, ndipo mnyamata wonyozekayo ndi amene akupulumutsa anthu. M'kanemayu muli malo otchuka pamene khoma lonse la nyumba likugwera Keaton, iye n'kupulumukira pa zenera lotsegula. Khomalo linali lenileni, ndipo anaimapo ndi iye mwini. Keaton anamwalira mu 1966, ndipo Charles Reisner amene anatsogolera kanemayu anamwalira mu 1962, motero kaya tiwerenge kuchokera pa chaka chimene kanema anatuluka kaya pa imfa ya omupanga, padutsa zaka zoposa 50.

Ubwino wina ndi wakuti kanemayu ndi wa nthawi imene makanema analibe mawu. Nkhani yonse ikuoneka ndi maso, ndipo agogo amene sadziwa Chingerezi amaseka limodzi ndi adzukulu. Apo ndi apo pamatuluka mawu ochepa olembedwa, amene mwana wa Sitandade 7 akhoza kuwerenga ndi kumasulira.

Tsopano za kukula kwa fayilo. Tikalemba dzina la kanemayu pa archive.org n'kutsegula tsamba lake, pamwamba pamakhala chithunzi choti tidine n'kuyamba kuonera. Tisadine pamenepo, chifukwa kuonera kotero kumadya bandulo ndipo tikamaliza sititsala ndi kanthu m'foni. Titsike m'munsi kufikira tipeze mawu akuti DOWNLOAD OPTIONS, ndipo pansi pake tidine SHOW ALL. Pamenepo pamatuluka mndandanda wa mafayilo onse, lililonse ndi kukula kwake pambali. Chilembo M chikuimira megabayiti, G chikuimira gigabayiti, ndipo gigabayiti imodzi ndi megabayiti pafupifupi 1,000.

N'chifukwa chiyani kanema mmodzi ali ndi mafayilo osiyana chonchi? Kukula kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri, kutalika kwa kanema ndi kuchuluka kwa deta imene yaikidwa pa sekondi iliyonse ya chithunzi. Kanema wathuyu ndi wa mphindi pafupifupi 70, amene ndi masekondi 4,200. Ngati sekondi iliyonse yapatsidwa makilobiti 500, tichulukitsa 4,200 ndi 500, n'kugawa ndi 8 popeza mabiti 8 ndiwo bayiti imodzi, kenaka n'kugawanso ndi 1,000, ndipo tipeza megabayiti pafupifupi 260. Ngati sekondi yapatsidwa makilobiti 2,500 kuti chithunzi chiwale pa wailesi yakanema yaikulu, fayilo lomwelo likwana gigabayiti 1.3, kasanu kuposa loyamba. Pa galasi la foni, kanema wakale wopanda mitundu amaoneka bwino ndithu m'fayilo laling'onolo. Pa makanema amene anaikidwa kalekale, fayilo laling'ono limakhala ndi mawu akuti 512kb m'dzina lake. Tisankhe lothera ndi .mp4, chifukwa ndilo limene mafoni ndi mawailesi akanema okhala ndi polowetsa fulashi amalitsegula mosavuta. Lothera ndi .ogv mawailesi ambiri amalikana. Lolembedwa TORRENT tilisiye, popeza njira imeneyo imatumizanso deta kwa anthu ena pamene ife tikulandira, ndipo yotumizayo imadulidwa pa bandulo yathu yomweyo.

Tikadziwa kukula kwa fayilo, ndi pamene tigule bandulo, osati tisanadziwe. Pa fayilo la megabayiti 260 ndi bwino kukhala ndi bandulo ya 500, chifukwa kutsegula masamba ndi zinthu zina za m'foni zimadyako. Ikhale bandulo ya Intaneti yonse, pakuti ija ya WhatsApp kapena Facebook yokha sigwira ntchito pa archive.org. Ngati kampani yathu ikugulitsa bandulo yausiku, imeneyo imakhala yotsikirapo mtengo, ndipo usiku netiweki imathamanga chifukwa anthu ambiri agona. Pa liwiro la megabiti 2 pa sekondi, fayilo lathuli limatenga mphindi pafupifupi 17. Tisanayambe, tizimitse zoti foni izikonzanso yokha mapulogalamu ake ndi zoti izidzitengera yokha mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Tionenso kuti m'foni muli malo okwanira ndi moto wokwanira, ndipo tisasiye mayunitsi ambiri, chifukwa nthawi zina bandulo ikatha pakati, foni imapitiriza kudya mayunitsi pa mtengo wokwera.

Netiweki ikaduka pakati, tisafufute chimene chabwera kale. Tipite pa mndandanda wa zimene foni ikutenga n'kudina kuti ipitirize, ndipo kawirikawiri imayambira pamene inalekera. Ikamaliza, tiyerekeze kukula kwa fayilo la m'foni ndi kumene kunalembedwa pa tsamba lija. Ngati tsamba linati 260 koma m'foni muli 140, fayilo laduka, ndipo kanema adzaima pakati. Tilitsegulenso ndi pulogalamu yaulere ya VLC n'kukokera kumapeto kuti tione ngati mphindi zonse zilipo. Chizindikiro china choyenera kuchidziwa n'chakuti kanema sathera ndi .apk. Tsamba lililonse limene latilonjeza kanema n'kutipatsa fayilo lotero likufuna kutiikira pulogalamu yosadziwika m'foni, ndipo tisalitsegule.

Phindu lenileni limabwera pogawana. Fayilo likalowa m'foni imodzi, limapita kwa ena pa memori khadi, pa fulashi kapena pa Quick Share popanda kudya deta ngakhale pang'ono. Mabanja 10 akasonkherana, banja lililonse lalipira mtengo wa megabayiti 26 okha, ndipo lidzaonera kangapo konse mmene lingafunire. Mwezi wotsatira banja lina litenge The General wa 1926, wa Keaton yemweyo, amene ndi nkhani ya woyendetsa sitima ya pamtunda, kapena Safety Last! wa 1923, wa Harold Lloyd, mmene munthu akulendewera pa muvi wa wotchi pamwamba pa nyumba yosanja. Pakutha chaka mudzi uli ndi laibulale yake pa fulashi imodzi. Wamkulu ayambe waonera yekha asanaitane ana, chifukwa kukalamba kwa kanema sikutanthauza kuti zonse zili m'menemo n'zoyenera, ndipo makanema ena a nthawi imeneyo amanyoza anthu akuda.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Choyamba, chithunzi chikhoza kukhala chomasuka pamene nyimbo zimene kampani ina yaikapo posachedwa zili ndi mwini, choncho ngati tsamba likunena kuti nyimbo ndi zatsopano, tisankhe kope lina. Chachiwiri, makanema amene makolo ambiri amatifunsa si a 1928. Amafuna Lion of the Desert wa Moustapha Akkad, wonena za Omar Mukhtar wa ku Libya, kapena Sarafina! wa 1992. Amenewa ali ndi eni ake, ndipo njira yowongoka ndiyo kugula chimbale chenicheni, ngakhale chogwiritsidwa kale ntchito, kudzera mwa abale a ku Joni kapena a m'tauni, n'kumabwerekana. Chimbale chokhala ndi makanema khumi m'kapepala ka pulasitiki n'chokopera.

Pomaliza, alipo eni ena amene amaika okha katundu wawo pa YouTube. British Pathé inaikapo makanema ake akale a nkhani okwana 85,000 mu 2014, ndipo tikalemba Nyasaland pa tsamba lawo tiona dziko lathu lisanalandire ufulu. Ambiri ndi a mphindi zochepa chabe. Awa ndi oonera pomwepo, osati okopera, ndipo tisanayambe tidine pa Quality n'kusankha 240p kuti bandulo ikhalitse. Agogo akhale pafupi, chifukwa ndiwo adzatiuze mayina a malo amene akuoneka.