Chaka kaye, kenako mwezi, tsiku pamapeto

Ntchito yanga ndi yosunga makalata. Ndine kalaliki wa kaundula pa ofesi ya bungwe lina la alimi, ndipo chilichonse cholembedwa chimadutsa pa desiki langa: makalata obwera ndi opita, malisiti, maminitsi a misonkhano ya komiti, mapangano ndi ogula mbewu. Kale zonsezi zinkangolowa m'mafayilo a chikatoni n'kukakhala mu kabati. Masiku ano pepala lililonse timalijambulanso pa sikana, chithunzi chake n'kusungidwa m'kompyuta, ndipo chithunzicho chiyenera kupatsidwa dzina. Anthu amaona ngati kutchula dzina la fayilo ndi kantchito ka mwana. Koma bwana akafunsa kuti kalata yomaliza ya ogula soya inabwera liti, chimene chimandiyankhira ndi dzinalo.

Ife kuno tinazolowera kulemba deti moyamba ndi tsiku, kenako mwezi, chaka pamapeto, monga amachitira ku Britain. Pa kalata palibe vuto, munthu amawerenga n'kumva. Vuto limabwera deti lotere likakhala kumayambiriro kwa dzina la fayilo, chifukwa kompyuta ikamasanja mayina siganiza za kalendala. Imayambira kumanzere. Imayerekeza chilembo choyamba cha dzina ili ndi choyamba cha dzina linalo, chaching'ono n'kupita pamwamba. Zikafanana ndi pamene imasunthira pa chachiwiri, kenako chachitatu. Choncho chimene mwaika kumanzere ndicho chimalamulira mndandanda wonse, ndipo chimene chili kumanja chimangoyang'anidwa zinazo zikalephera kusiyanitsa.

Tengani maminitsi asanu a komiti, otchulidwa mwachizolowezi chathu. Mukauza kompyuta kuti isanje potsata mayina, imakupatsani izi:

```
02-11-2023_maminitsi.pdf
05-03-2024_maminitsi.pdf
17-01-2024_maminitsi.pdf
28-12-2023_maminitsi.pdf
30-11-2022_maminitsi.pdf
```

Kuyang'ana mwachangu, mndandandawu ukuoneka waudongo: 02, 05, 17, 28, 30. Koma msonkhano wakale kwambiri, wa mu 2022, uli pansi penipeni. Watsopano kwambiri, wa pa 5 Malichi 2024, wabisala pa mzere wachiwiri. Wina wofuna zimene komiti inagwirizana posachedwa akatsegula fayilo yomaliza, awerenga mfundo zimene zinasinthidwa kalekale. Pa mafayilo asanu munthu angathe kuona. Mafayilo akachuluka m'foda, masiku onse a pa 1 a miyezi yonse ndi zaka zonse amaunjikana pamodzi, kenako a pa 2, ndipo palibenso amene angatsate nkhani kuchokera pamene inayambira.

Tsopano mafayilo omwewo, deti litatembenuzidwa:

```
2022-11-30_maminitsi.pdf
2023-11-02_maminitsi.pdf
2023-12-28_maminitsi.pdf
2024-01-17_maminitsi.pdf
2024-03-05_maminitsi.pdf
```

Kompyuta sinasinthe kachitidwe kake, ikuyerekezabe kuchokera kumanzere. Kungoti tsopano kumanzereko kuli chaka, chimene ndi chachikulu, mwezi n'kutsatira, tsiku n'kutsekera. N'chimodzimodzi ndi mmene timalembera ndalama: pa K2,350 masauzande amayamba, ndipo palibe amene amafunika kufika pa nambala yomaliza kuti adziwe ngati ndalamayo ikuposa K1,999. Kusanja kwa zilembo ndi kusanja kwa nthawi zakhala chinthu chimodzi, popanda pulogalamu yapadera.

Kalembedwe kameneka kali ndi dzina, ISO 8601. Bungwe la ISO, limene limakhazikitsa miyezo yoti mayiko azitsatira mofanana, linakatulutsa koyamba mu 1988, ndipo kanakonzedwanso mu 2000, 2004 ndi 2019. Sikuti a bungweli anachita kupeka. Ku China, Japan, Korea ndi ku Hungary anthu anazolowera kale kuyamba ndi chaka. Lamulo lake ndi lalifupi: manambala anayi a chaka, awiri a mwezi, awiri a tsiku, `YYYY-MM-DD`. Muyezowu umalolanso kusiya timizere, `20240305`. Amene ali ndi foni ya Android anakaonapo kale osadziwa, chifukwa zithunzi zobwera pa WhatsApp zimakhala ndi mayina ngati `IMG-20240305-WA0001.jpg`. Ine ndimakonda timizere. Manambala asanu ndi atatu othithikana amatopetsa maso, ndipo madzulo munthu utatopa 0305 ndi 0503 zimaoneka ngati chinthu chimodzi.

Pamene anzanga atsopano pantchito amapunthwa kwambiri ndi pa ziro. Malichi ndi `03`, osati `3`. Amafunsa kuti ziro wopanda mtengoyo ndi wachiyani. Ntchito yake ndi kusunga malo, kuti mwezi uzikhala pa malo omwewo m'dzina lililonse. Mukalemba `2024-3-05` ndi `2024-10-02`, pulogalamu yoyerekeza chilembo ndi chilembo ikafika pa mwezi imaona 3 ndi 1, n'kuika Okutobala patsogolo pa Malichi. File Explorer ya Windows imakhululuka pamenepa, chifukwa imawerenga 10 ngati nambala yathunthu, ndiye munthu amakhulupirira kuti zonse zili bwino. Koma mayina omwewo akalowa m'pulogalamu ina, kapena akakoperedwa mu Excel ngati mndandanda wa mawu, dongosolo limaphwasuka. Chaka nachonso chilembedwe chathunthu. Kabati yathu ili ndi mapepala a m'ma 1990, ndipo mukadula chaka n'kulemba `98` ndi `24`, pepala la 1998 limakhala pansi pa la 2024 ngati kuti ndi latsopano.

Ena amati bwanji osangolemba dzina la mwezi, poti silisokoneza munthu. Pa kalata ndimavomereza, ndipo ndikamalembera mlimi ndimalemba 5 Malichi 2024, sindimupatsa manambala okhaokha. Koma m'dzina la fayilo, miyezi imasanjidwa potsata alifabeti: Disembala, Epulo, Febuluwale, Januwale, Julayi, Juni. Chaka chimayamba ndi Khirisimasi. Ndipo wina akalemba mwezi m'Chingerezi, wina m'Chichewa, wina modula, mwezi umodzi umagawanika malo atatu. Kamzere kopendekeka kamene timalemba pamanja nakonso n'kosatheka, chifukwa `/` kompyuta imakagwiritsa ntchito polekanitsa mafoda ndipo imakakana m'dzina la fayilo.

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti kompyuta imasunga kale deti la fayilo iliyonse, nanga kuvutikiranji? N'zoona, pali gawo la `Date modified`. Koma deti limenelo ndi la fayilo, si la nkhani. Kalata yolembedwa mu 2019 ndikaijambula lero, kompyuta imati ndi ya lero. Wina akatsegula lipoti la chaka chatha n'kukonzamo chilembo chimodzi, lipotilo limalumphira pamwamba ngati latsopano. Fayilo ikadutsa pa imelo kapena pa WhatsApp, kawirikawiri imafika ndi deti la tsiku limene yatsitsidwa. Dzina ndilo kawirikawiri limayenda ndi fayilo osasintha.

Kusanja pambali, pali vuto lina loopsa kuposa pamenepo, la kumva zosiyana. Ku America amayamba ndi mwezi, ndiye 05/03/2024 kwa iwo ndi pa 3 Meyi, pamene kwa ife ndi pa 5 Malichi. Makompyuta ambiri amene amafika m'maofesi mwathu amabwera atatcheredwa Chimereka, ndipo palibe amene amasintha. Ndinaziona pa mndandanda wa malipiro a alimi umene unabwera ngati fayilo ya CSV, madeti ake atalembedwa moyamba ndi tsiku. Utatsegulidwa mu Excel pa kompyuta yotere, 05/03/2024 inasanduka 3 Meyi mwakachetechete. Koma 17/01/2024 inakanika kusanduka, poti mwezi wa 17 kulibe, ndiye Excel inangoisiya ngati mawu wamba. M'danga limodzi munakhala madeti otembenuka ndi madeti amene Excel sikuwaona ngati madeti n'komwe. Owerengera ndalama atasanja, malipiro a mu Malichi anaoneka ngati sanachitike, ndipo ena anaoneka olipidwa mwezi umene unali usanafike.

Matendawa ali ndi chizindikiro. Excel imakankhira madeti enieni kumanja kwa kabokosi, mawu n'kuwasiya kumanzere. Mukaona danga la madeti likupendama uku ndi uku, ndipo onse a kumanzere ali ndi tsiku lopitirira 12, dziwani kuti a kumanjawo ndiwo atembenuka, ngakhale akuoneka abwinobwino. Mukakayika, `=ISNUMBER(A2)` imayankha `TRUE` pa deti lenileni ndi `FALSE` pa mawu. Musayese kukonza limodzilimodzi, ndipo musasunge fayiloyo pamwamba pa yoyamba ija. Bwererani ku CSV yoyambirira, muilowetse mwatsopano n'kuuza Excel kuti dangalo ndi la `DMY`. Kusintha maonekedwe a kabokosi kukhala `yyyy-mm-dd` n'kwabwino, koma kumangosintha mmene deti likuonekera. Ngati linalowa kale molakwika, lionekabe lolakwika m'chovala chatsopano. Chimene tinachita ife ndi kupempha otumiza mndandandawo kuti azilemba `2024-03-05` kuchokera kwawo komweko, chifukwa deti loyamba ndi chaka cha manambala anayi Excel imaliwerenga chimodzimodzi pa kompyuta yotcheredwa Chimereka ndi yotcheredwa Chibritishi.

Pali zimene kalembedweka sikangakusankhireni. Kalata ili ndi madeti awiri, limene inalembedwa ndi la chidindo chathu cha tsiku limene yafika, ndipo nthawi zina amasiyana ndi milungu. Pa ofesi pathu dzina la fayilo limatenga deti limene lili pa kalatayo, la chidindo limalowa m'buku la makalata obwera. Ofesi ina ingasankhe mosiyana, bola onse azichita chimodzi. Pepala lakale limene lili ndi mwezi ndi chaka chokha ndimalilemba `1997-06`, zimene muyezo umalola. Sindipeka tsiku loti ndidzazire mpata, chifukwa wobwera pambuyo panga adzalikhulupirira.

Komanso si foda iliyonse imene deti liyenera kutsogolera. Mu foda ya maminitsi, funso limakhala lakuti liti, ndiye deti limayamba. Mu foda ya ngongole za makalabu, funso loyamba ndi lakuti ndani, ndiye nambala ya kalabu imayamba, deti n'kutsatira: `K014_2024-03-05_risiti.pdf`. Mapepala a kalabu imodzi amakhala pamodzi, ndipo m'kati mwake amatsatana ndi nthawi. Ngati mafayilo awiri ndi a tsiku limodzi ndipo pakufunika kudziwa loyamba, ndimawonjezera ola la mawerengedwe a maola 24. Muyezo weniweni umalemba `2024-03-05T14:30`, koma Windows imakana `:` m'dzina la fayilo, choncho ndimalemba `2024-03-05T1430`. Pa mapepala opita kwa anzathu akunja, makamaka a misonkhano ya pa intaneti, timaika `+02:00` kumapeto, kusonyeza kuti ndi nthawi yathu ya kuno, imene ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri.