Mbenji pa 24mm ndi pa 200mm

Ukaima pamchenga pa Chikombe m'mamawa, chilumba cha Mbenji chimaoneka patali chakum'mawa, uku asodzi akukankhira boti m'madzi. Ndinayandikira boti mamita asanu, lenzi ya zumu ili pa 24mm. Boti linadzaza chithunzi, koma chilumba chinangotsala ngati njere ya mpunga. Ndinamanga zumu yaitali n'kubwerera m'mbuyo mpaka mamita oposa 40 kuchokera pabotilo, ndipo pa 200mm boti linatuluka kukula komweko, pamene chilumba chinakula kasanu ndi katatu, chitatsamira kumsana kwa asodzi.

Ambiri amati lenzi yaitali ndiyo imakoka chilumba. Chimene chasintha ndi pamene waima. Ukatalikira, boti limachepa msanga, koma chilumba, poti chili kale kutali, sichisintha. Lenzi ya 200mm imangodula kachigawo n'kukakulitsa. N'chifukwa chake munthu ukamujambula pafupi kwambiri pa 24mm mphuno imatupa, makutu n'kuthawira kumbuyo.

Tili panyanja kupita kuchilumbako m'pamene zumu inaonetsa ntchito yake. M'boti mulibe kobwerera, ndiye dzanja limachita zimene miyendo ikanachita: kupotokola pang'ono, bwato lakutali lafika. Koma 200mm imakulitsanso kugwedezeka kwa mafunde, choncho liwiro la shata ndinaliika pa 1/1000. Lenzi sindinasinthe m'njira, chifukwa kadontho kamadzi kakagwera pa sensa, zithunzi zonse zimatuluka ndi banga pamalo amodzimodzi.

Pachilumba pali mwambo umene ufumu wa Makanjira wausunga kuyambira m'ma 1950: mowa ayi, juga ayi, amayi safikako, ndipo nyengo ya mvula usodzi umatsekedwa kuti utaka uswane. Pamalo otere sujambula mobera uli patali. Ndinamanga lenzi yosasintha ya 50mm f/1.8, imene ojambula amati pulaimu, n'kuyenda mpaka pamene bambo ena ankasoka chilimira.

"Bambo, ndingakujambuleni?"

"Jambulani, bola manjawa aoneke."

Dzuwa linali litapendeka, kuwala kukutha. Zumu wamba ya 18-55mm ikafika pa 55mm imatseguka mpaka f/5.6 basi, pamene f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi. Ndiye kuti pamene zumuyo ikanafuna 1/25, manja osoka n'kufufutika, pulaimu inandipatsa 1/250. Zala ndi ulusi zinaoneka bwinobwino, mulu wa ukonde kumbuyo utasungunuka. Apa ndimaikonda lenziyi, ndipo n'njopepuka m'khosi.

Ilinso ndi malire ake. Mnzawo atabwera kudzakhala kumbuyo kwawo pang'ono, nkhope yake inatuluka mbuu, poti pa f/1.8 pooneka bwino pamakhala popyapyala. Kuti onse awiri amveke maso ndinatsekera pa f/4, ndikukweza ISO kubwezera kuwala kotayikako. Pofuna kuti ukonde wonse ulowe, ndinabwerera chafutambuyo pakati pa miyala mpaka madzi anandifika m'akakolo.