Chaja yopanda dzina

Chaja ya rauta yanga inapsa Lolemba, ndipo pepala la dzina linachoka kalekale. Ku msika wa Maramba mnyamata wina anandiyalira machaja asanu, onse akuda, mitu yofanana. Ndinabwerera ku Dambwa chimanjamanja.

Usiku ndinatembenuza rautayo. Pansi pake panalembedwa 12V 1A, ndiye ndinalemba izi pa Google:

```
12V 1A DC adapter
```

Zinatuluka zambirimbiri, koma mitu yosiyana. Apa ndinazindikira kuti chomwe ndimasowa ndi kukula kwa mutu. Ndinayeza ndi rula, kunja kwake mamilimita asanu ndi theka. Koma mitu yotereyi ilipo iwiri: wina bowo lake ndi 2.1, wina 2.5. Ndi maso simungasiyanitse. Wa 2.5 pa kachitsulo ka 2.1 umagwedera, rauta n'kumazima yokha, wa 2.1 pa kachitsulo ka 2.5 sulowa n'komwe. Mnzanga anandibwereka mutu wa 2.1, unalowa bwinobwino. Ndiye ndinalembanso:

```
12V 1A adapter 5.5x2.1mm centre positive UK plug
```

Mawu omalizawo ndi a pulagi ya mano atatu ya soketi zathu. Oti centre positive akunena kuti + ili pakati pa mutu, monga kachithunzi ka pa rauta kakusonyezera. Mukasemphanitsa, chipangizo chikhoza kupsa.

Mavoti akhale 12 ndendende. Maampu akaposa palibe vuto, 2A imagwira; akachepa, chaja imatentha. Mawa ndibwerera ku Maramba ndi chithunzi chake pafoni.